"Ukonde ndi ukonde basi," akutero wogulitsa

Anzanga a kunyanja, imvani yankho limene msuweni wanga walandira kwa munthu wina wogulitsa maukonde pa WhatsApp. Pachithunzi panali machera a nayiloni wopota, maso mainchesi 4, a chambo enieni. Mnyamata anatumiza ndalama pafoni, ya banki m'khonde ya mayi ake. Thumba litatsika pa basi, mkati munali monofilamenti, maso mainchesi awiri ndi theka. Atadandaula, yankho lake ndi ili: "Bwana, chithunzi chija chinali chongoonetsera. Ukonde ndi ukonde basi, umenewonso umapha kwambiri. Katundu akatuluka sabwerera."

Chongoonetsera chiyani? Munthu ali ku Mangochi, iwe uli ku Limbe, sangakhudze katunduyo ndi dzanja. Chimene wagula ndi chimene wachiona pachithunzipo. Ngati nayiloni anatha, pakamwa panali potani osanena ndalama isanatumizidwe?

Koma chandiwawa ine ndi chakuti ukonde ndi ukonde. Amene amayankhula chonchi sanapalasepo bwato. Tengani ulusi umodzi muupotokole ndi zala. Wa nayiloni umamasuka n'kuonetsa timaulusi tingapo topotana, ndipo ukang'ambika bambo anga amausoka pamchenga n'kubwerera nawo m'madzi. Wa mono ndi ulusi umodzi woterera, woonekera ngati wa mbedza. Mfundo yake sigwira bwino, dzuwa likauwamba umathothoka, ndipo anthu amangoutaya m'nyanja momwe umapitiriza kukola nsomba zoolera pomwepo. Masonso muyeze nokha: kokani diso limodzi litambasuke, muike rula kuyambira mfundo iyi kukafika mfundo yoyang'anizana nayo. Diso la mainchesi awiri ndi theka limakola kasawala, mwana wa chambo amene sanaswepo.

Zoti umapha kwambiri, eya, n'zoona, ndipo n'chifukwa chake boma linauletsa. A zausodzi kapena a komiti ya padoko akaupeza amalanda, nthawi zambiri amautentha anthu akuona. Wolandidwa ndi msuweni wanga, wobweza ngongole ndi mayi ake. Wogulitsa uja ali phee m'tauni, akudya tchipisi.

Nanga zoti katundu sabwerera? Mawu amenewo si lamulo, ngakhale awalembe pa lisiti ndi zilembo zikuluzikulu. Bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, la CFTC, limaletsa ogulitsa kubisala kuseri kwa mawu otere, ndipo limalandira madandaulo.

Ndiye tamuuza mnyamata kuti ukondewo asaunyowetse, asaumangenso miyala ndi mabowa, chifukwa ukalowa m'madzi wogulitsa adzati unagwiritsidwa kale ntchito. Wajambula chithunzi cha malonda chija mwiniwake asanachifufute, wasunga uthenga wa ndalama, wajambulanso diso la ukonde lili pa rula. Wamulembera kuti atumize nayiloni wa mainchesi 4 kapena abweze ndalama yonse, kuphatikizapo ya basi, pofika Lachisanu. Akapanda kutero, zonsezi tikukazitula ku CFTC.