Lendi kapena puloti? Werengani miyezi yoti mudzalowe m'nyumbamo

Mukapita kumudzi pa Khrisimasi, funso la amalume silisintha: "Nanga iwe, mtauni muja wagulako kamalo?" Mukayankha kuti mudakali pa lendi, nkhope zimagwa ngati mwanena zamaliro. Ndiye pamabwera mawu aja tonse tinawamvapo, akuti lendi ndi kutaya ndalama m'chitsime, ukungolemeretsa landilodi basi.

Mawuwa ali ndi choonadi chake, koma amabisa chinthu chimodzi. Kugula puloti sikuthetsa lendi. Kukumba maziko sikuthetsa lendi. Ngakhale zipupa zitafika pa lintala, landilodi adzagogodabe pakutha pa mwezi. Lendi imatha tsiku limene mwanyamula matilesi kukagona m'nyumba yanu, osati tsiku lina lililonse. Choncho funso lenileni si lakuti lendi kapena puloti ayi. Funso ndi lakuti: kuchokera lero, padutsa miyezi ingati ndikulipira kuwiri, kwa landilodi ndi kwa mmisiri, ndisanalowe?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambala ndikuikawa ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, inu muikepo anu. Ndasiyanso dala kukwera kwa mitengo, tikubwererako kutsogoloku.

Tinene kuti banja lachinyamata likukhala ku Chilinde mu Lilongwe, lendi K150,000 pamwezi. Akalipira zonse, amatha kupatula K200,000 mwezi ndi mwezi. Apeza puloti cha ku Chitedze pa mtengo wa K4,000,000. Kuti ndalamayi ikwane, pafunika miyezi 20.

Apa ndi pamene njira zimasiyana. Ambirife timathamangira kwa wojambula mapulani kuti atijambulire nyumba ya maloto athu: zipinda zogona zitatu, bafa ndi chimbudzi mkati momwemo, khonde lalikulu. Tinene kuti nyumba imeneyi, kuti ifike poti munthu n'kugonamo, idya K30,000,000. Pa K200,000 pamwezi, imeneyo ndi miyezi 150. Kuphatikiza miyezi 20 ya puloti ija, yakwana 170, kutanthauza zaka 14 ndi miyezi iwiri. Nthawi yonseyi banjali likulipirabe lendi, ndipo likamadzalowa lidzakhala litapereka K25,500,000 kwa landilodi. Mwana amene anabadwa chaka chogula puloti adzalowa m'nyumbamo ali pafupi kumaliza pulayimale.

Njira yachiwiri ndi yopanda ulemerero. Kumapeto kwa puloti, chakumbuyo, amange kanyumba ka chipinda chimodzi kapena ziwiri ndi pabalaza, chimbudzi ndi bafa panja. Tinene kuti kadya K8,000,000, yomwe ndi miyezi 40. Kuphatikiza ya puloti, miyezi 60, zaka zisanu ndendende, akulowa. Lendi yatha.

Koma musafulumire kuwomba m'manja, chifukwa K150,000 yonse ija sibwerera m'thumba. Ku Chilinde bambo ankakwera minibasi imodzi kukafika ku ntchito. Kuchokera ku Chitedze ulendo watalika, mwinanso pafunika kabaza kuti akafike pamsewu wa tala. Tinene kuti thiransipoti yakwera ndi K3,000 patsiku. Pa masiku 20 a ntchito, imeneyo ndi K60,000. Phindu lenileni la kusamuka ndi K90,000 pamwezi. Tsopano banjali likupatula K290,000 m'malo mwa K200,000, ndipo nyumba yaikulu ya K30,000,000 ija itha m'miyezi 104. Kuphatikiza miyezi 60 yoyamba, yakwana 164.

Taonani bwino pamenepa. Amene anayamba ndi kanyumba waononga K8,000,000 yoonjezera, komabe wamaliza nyumba yaikulu miyezi isanu ndi umodzi mnzake uja asanamalize. Pamwamba pa apo ali ndi kanyumba koti aikemo munthu wa lendi. Chinsinsi chake si china, wadula zaka zolipira kuwiri kuchoka pa 14 kufika pa zisanu.

Tsopano tisinthe nambala imodzi yokha. Tinene kuti onse awiri, bambo ndi mayi, amagwira ntchito kapena geni mtauni. Thiransipoti yoonjezera yakhala K120,000. Phindu la kusamuka latsala K30,000 basi. Apa n'kuti tisanawerenge madzi ogula pa mjigo kapena pa kiyosiki, magetsi amene sanafike, ndi sukulu ya ana imene yatalikira. Akapatula K230,000 pamwezi, nyumba yaikulu itha pa mwezi wa 191, mochedwa kuposa akanangokhala ku Chilinde. Puloti yomweyo, kanyumba komweko, koma kwa banja ili masamu akana. Iwowa ndi bwino apitirize lendi kufikira atapeza malo apafupi, ngakhale ochepa, kapena mmodzi wa iwo atapeza chochita kufupi ndi kumaloko. Puloti yotchipa kutali nthawi zambiri imakhala yotchipa chifukwa mtengo wotsalawo mudzaulipira kwa kondakitala tsiku ndi tsiku.

Nanga kukwera kwa mitengo kuja? Kumeneku ndi kumene kumapangitsa kuti kudikira kukhale kowawa kuno kwathu. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Amene anali ndi ndalama ya malata ku akaunti anadzuka m'mawa ndalamayo isakukwananso malata omwewo. Choncho kusunga ndalama zaka zisanu kuti mudzamange kamodzi n'kamodzi n'kutunga madzi ndi dengu. Lendi nayo imakwera, pomwe malipiro amatsalira m'mbuyo. Zimenezi zikukankhira mbali ya kumanga, koma kumanga kwake kwa msanga ndi kwakung'ono. Nyumba ya zaka 14 imakumana ndi kukwera kwa mitengo ka 14, ndipo mtengo wake umathawa inu mukuuthamangitsa. N'chifukwa chake m'mbali mwa matauni athu muli zipupa zambiri zakuda ndi ndere, udzu utamera pabalaza.

Posandutsa ndalama kukhala katundu, dziwani chosungika ndi chosasungika. Malata, mabuloko, mafelemu a zitseko ndi mawindo zimadikira, bola pakhale pouma ndiponso pokhomeka. Simenti sidikira. Thumba likakhala miyezi ingapo limakoka chinyontho, limayamba timiyala, ndipo mphamvu yake imachepa ngakhale likuoneka labwino kunja. Simenti muzigula mmisiri atafika kale. Komanso nyumba ili ndi malo ake opumira. Mutha kuima bwinobwino mukathira silabu, ndipo mutha kuimanso mukafolera. Pakati pa ziwirizi musaime nthawi yaitali, chifukwa zipupa zopanda denga zikamenyedwa ndi mvula zaka ziwiri kapena zitatu, makamaka zomangira dothi, mudzalipira kawiri ntchito imodzi. Sonkhanitsani ya zipupa ndi ya denga pamodzi, muyambe mvula ikatha, mufolere Novembala asanafike. Pulasitala, siling'i ndi matailosi zidzakupezani muli mkati.

Masamu onsewa aima pa mwendo umodzi: kuti pulotiyo ndi yanudi. Lendi ikavuta mumataya dipoziti n'kusamuka. Puloti ikavuta mumataya miyezi 20 ya thukuta, ndi chilichonse mwamangapo. Malo ambiri otchipa m'mbali mwa mizinda ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu, ndipo vuto lofala ndi la malo amodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri, kapena m'bale mmodzi kugulitsa abale ena asakudziwa. Kakalata kolemba pamanja kokhala ndi chidindo cha amfumu ndi umboni woti munapereka ndalama, koma si chikalata cha umwini chochokera ku boma. Musanapereke kalikonse, pitani nokha popanda wogulitsa mukacheze ndi oyandikana nawo mbali zonse, muwafunse mwini malowo ndani ndipo malire akudutsa pati. Mukamva mayina awiri osiyana, bwererani. Ngati wogulitsa akuti malowo ali ndi lizi, tengani nambala ya puloti mukafufuze ku ofesi ya zamalo ngati dzina lili m'kaundula ndi lakedi, ndiponso ngati malowo sanaperekedwe chikole ku banki. Kukhonsolo mukafunse ngati pamalopo ndi pololedwa kumanga nyumba zogona, kuopa kumanga mumsewu wam'tsogolo kapena pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi. Wogulitsa akamakukakamizani kuti "pali wina akubwera ndi ndalama mawa", chimenecho chikhale chizindikiro choti mudekhe. Safunsa anadya phula.

Malowo mukawaonenso mu Januwale kapena Febuluwale. Puloti yooneka bwino mu Okutobala itha kukhala dambo mvula ikagwa, ndipo maziko a m'dambo amadya simenti ndi miyala yoti ikanafoletsa nyumba. Za malo otsetsereka m'mphepete mwa phiri, a ku Blantyre sanaiwale zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi ku Soche mu Malichi 2023.

Alipo anthu amene lendi ikuwayenera pakadali pano, ndipo asachite nayo manyazi. Ngati ntchito yanu ndi ya kontirakiti kapena yosamutsidwasamutsidwa, nyumba yosatha mumzinda umene mwachokamo imasanduka mtolo, wolipira mlonda ndi kutumiza ndalama kwa mmisiri amene simukumuona. Ngati K4,000,000 imeneyo ndi mpamba wa geni imene ikukudyetsani, kuizula n'kuikwirira m'nthaka ndi kupha nkhuku yoikira mazira. Ndipo ngati mukuganiza zomangira ngongole ya katapila kapena ya banki ya chiwongoladzanja chokwera, kumbukirani kuti nyumba yosatha sibweza ngongole, ndiye mudzakhala mukulipira katatu.

Usiku uno tengani foni, mutsegule kakyuleta, mulembe manambala anayi: zimene mumapatuladi pamwezi, osati zimene mumalakalaka, mtengo wa puloti, mtengo wa kanyumba kakang'ono kwambiri kamene mungavomere kugonamo, ndi lendi yanu mutachotsapo thiransipoti yoonjezera. Phatikizani mtengo wa puloti ndi wa kanyumba, mugawe ndi zimene mumapatula. Yankho lake ndi miyezi yanu yolipira kuwiri. Kwa ine, ikakhala mkati mwa zaka zisanu ndipo nambala yachinayi ija ndi yooneka, yambani kufufuza malo. Ikapitirira zaka khumi, chepetsani nyumbayo kapena dikirani kaye, mukulitse zopeza.

Ndipo amalume akadzafunsanso Khrisimasi ikubwerayi, mudzawauze mwaulemu mwezi ndi chaka chimene mukuyembekeza kulowa. Ngati simunafike pokhala ndi tsikulo, auzeni kuti mudakali kuwerenga.