Bulashi ya Magetsi Siichotsa Ziphuphu, Ndipo Pakhungu Lakuda Ingasiye Mawanga

Pa TikTok ndi m'mashopu a ku Kamwala atigulitsa tinthu tiwiri: kabulashi ka magetsi kosambira kumaso, ndi kamwala kosalala kogudubuza pamasaya komwe amati rola. Ogulitsa akuti manja athu satha kusambitsa nkhope bwino. Ife tikana. Ngati muli ndi sopo yofewa ya kumaso, zala zanu zikwanira, ndipo kwa ambiri a ife bulashi ibweretsa chabe mavuto.

Ntchito yochotsa mafuta, thukuta, fumbi ndi zodzola imachitidwa ndi sopoyo. Sopo imagwira mafuta n'kuwasakaniza ndi madzi kuti atsukike. Chomwe bulashi imawonjezera ndi kukwecha. Ichotsa khungu lakufa la pamwamba, n'chifukwa chake tsiku loyamba nkhope imveka yosalala, munthu n'kuganiza kuti ndalama yagwira ntchito. Koma chiphuphu sichiyambira pamwamba. Chimayamba mkati mwa kabowo ka khungu, pomwe mafuta ndi khungu lakufa zatseka njira, tizilombo n'kuchulukana, malowo n'kutupa. Ubweya wa bulashi sufika kumeneko. Ziphuphu si dothi, ngakhale anthu akunyumba akhale akutiuza kuti sitisamba.

Manje tiyerekeze mtsikana wa zaka 20 yemwe ali ndi ziphuphu zotupa pamasaya. Wagula bulashi, ndipo aigwiritsa ntchito m'mawa ndi madzulo. Sabata yoyamba zonse zili bwino. Pofika sabata yachitatu, akasamba nkhope imakhala ngati yakokedwa, mafuta omwe wakhala akudzola kwa zaka ayamba kumuwawa ngati tsabola, ndipo pambali pa mphuno payamba kusupuka. Izi zisonyeza kuti chikuto chopyapyala cha pamwamba, chomwe chimasunga madzi m'khungu, chaperepeseka. Iye aona ziphuphu zachuluka, aganiza kuti sanakweche mokwanira, awonjeza mphamvu.

Apa m'pomwe nkhani ya ife akhungu lakuda isiyana ndi ya azungu omwe timaona m'mavidiyo. Khungu lathu likapsa mtima, kaya ndi chiphuphu, kaya ndi kukanda, limapanga melanini yambiri pamalopo. Chiphuphu chitha m'masiku ochepa, koma banga lakuda lomwe chasiya litha kukhala miyezi ingapo, nthawi zina kupitirira chaka. Ndiye mtsikana wathu, yemwe anagula bulashi kuti mawanga achoke, wawonjezera mawanga. Chomwe chingamuthandize n'kuika bulashi pansi, kusamba kawiri patsiku ndi zala ndi madzi ofunda pang'ono, kupukuta mosisita pang'onopang'ono, kudzola mafuta opanda fungo, ndi kudziteteza ku dzuwa chifukwa dzuwa limadetsa mawangawo. Kuwawa kumachepa m'masabata ochepa. Ziphuphu zikapitiriza, apite ku kiliniki, osati ku shopu.

Ena sayenera kuiyandikira n'komwe: omwe ali ndi ziphuphu zofiira kapena za mafinya, omwe ali ndi ekizema, omwe atuluka zilonda pamilomo, ndi anyamata omwe amatuluka tiziphuphu akameta ndevu. Chimodzimodzi omwe akudzola mankhwala a ziphuphu monga tiretinoini, chifukwa mankhwalawo amasupula kale khungu. Ndipo tisanamizane, ambiri pakati pathu akudzola mafuta oyeretsa khungu okhala ndi sitiroidi. Mafuta amenewo amapyapyalitsa khungu, ndiye kuikapo bulashi n'kufuna zilonda.

Pali ndi nkhani ya ukhondo. Mutu wa bulashi uyenera kutsukidwa, kuumitsidwa, ndi kusinthidwa pakapita miyezi pafupifupi 3. Ndani pakati pathu anapezapo mutu wina wa kabulashi kopanda dzina? Ndiye kamakhala konyowa m'bafa, nthawi zina n'kubwerekana ndi mnzathu wa m'chipinda. Ngakhale Clarisonic, bulashi yomwe inatchukitsa fashoni imeneyi, eni ake a L'Oréal anasiya kuipanga mu 2020.

Kamwala kaja sitikaimba mlandu waukulu. Kakakhala kozizira, kamachepetsa kutupa kwa m'mawa pansi pa maso kwa kanthawi, chifukwa kuzizira kumafinya mitsempha ya magazi ndipo kusisita kumasuntha madzi. Sipuni yoikidwa m'firiji ichita zomwezo. Sikachepetsa masaya, sikachotsa makwinya, sikachotsa mawanga. Musakagudubuze pa ziphuphu zotupa, ndipo kakang'aluka mukataye. Koma musasokoneze kamwalaka ndi rola ya tisingano. Imeneyo imaboola khungu, ndipo pa ziphuphu, kapena kwa munthu yemwe zipsera zake zimatukumuka n'kukula, ingasiye chipsera chosatha.

Kodi bulashi ilibiretu ntchito? Munthu wa khungu lolimba, lopanda ziphuphu, yemwe amadzola zodzikongoletsa zambiri, angaigwiritse ntchito kamodzi kapena kawiri pasabata, osakanikiza, osapitirira mphindi imodzi. Akangomva kuwawa podzola mafuta, aileke.