Kuona maso a nkhono n'kudekha

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukaigogoda ndi kamtengo imabwerera m'chigoba, koma ukakhala phee pambali pake imatulutsa yokha mutu. Mwambi umenewu ndikufuna tiuyese pa bambo woferedwa, makamaka m'masabata aja pamene maliro atha, anthu abalalika, pakhomo patsala phulusa la moto wa pasiwa.

Taonani m'mene timakhalira pamaliro. Amayi amakhala m'nyumba pafupi ndi thupi, amalira mokweza, anzawo nkumawagwira. Abambo timakhala panja kuzungulira moto, ndipo mwini maliro ndi amene amafunsidwa zonse: bokosi ligulidwe kuti, galimoto yonyamula thupi ilipiridwa bwanji, ufa ukwana kodi, adzukulu alandira chakudya kumanda? Aliyense wobwera kudzapepesa amamugwira dzanja nkunena kuti, “Limbani mtima, ndinu mwamuna.” Timanena ndi mtima wabwino, koma iye amamva lamulo lomwe wakula nalo, lakuti mwamuna salira. Tsiku loika likamakwana, munthuyu wayendetsa maliro onse koma mpata wolira mkazi wake sanaupeze.

Kwa ena mwambo umawonjezera katundu. Bambo wa pachikamwini akasudzulidwa amabwerera kwawo, nthawi zina kusiya ana, munda ndi nyumba yomwe adamanga ndi manja ake. Mwana akabadwa wakufa, mtayo amakaika ndi amayi okha, mwakachetechete, ndipo bambo wa mwanayo mwina sadzamva ngakhale “pepani” mmodzi. Sindikunena kuti miyambo imeneyi ithe. Ndikunena kuti m'miyamboyi mulibe malo pamene bamboyu angakhale pansi nkunena zimene zili kukhosi, ndiye malowo tiyenera kumupezera ife anzake.

Chisoni chikasowa potulukira pakamwa chimatulukira kwina, ndipo ndi pamene mnzake watcheru amachizindikira. Tiyerekeze mnzanu wa kabaza amene waika mkazi wake mwezi watha. Wabwerera pasiteji msanga, akuyamba m'mamawa kuposa kale, akuweruka usiku, chifukwa kunyumba kuli zii. Pabawo sakuonekanso. Amene ankangolawa pa Loweruka tsopano akugula kachasu tsiku ndi tsiku kuti apeze tulo. Ana akalakwitsa pang'ono akuwazazira. Akudandaula mutu, msana, mtima kuthamanga. Mukamufunsa kuti muli bwanji, yankho ndi lomwe lija: “Tili bwino, zimachitika.”

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa pofuna kuthandiza. Timamuitanira pagulu, kapena kumukhazika pansi maso ndi maso ngati pamlandu nkumuuza kuti, “Tanenani chikukuvutani n'chiyani.” Kumeneko n'kugogoda chigoba. Amuna ambiri amamasuka manja ali pantchito, maso akuyang'ana kwina. Pitani kwake muli nokha, mutanyamula chifukwa chooneka: mwabwera kudzamuthandiza kumata tayala, kufolera khola, kapena mukufuna akuperekezeni kudimba. Ulendo woyamba mwina simukamba za maliro n'komwe, ndipo palibe chalakwika. Chimene akuyesa mumtima mwake n'chakuti kodi mubweranso.

Mukabweranso, yambani ndi zimene maso anu aona, osati zimene mukuganiza kuti iye akumva. “Achimwene, ndaona masiku ano mukufika pasiteji kusanache. Tulo tikubwera koma?” Funso la tulo ndi la chakudya mwamuna amayankha mosachita manyazi, chifukwa likukhudza thupi, komabe limatsegula khomo la zamumtima. Akati tulo palibe, funsani kuti nthawi yovuta kwambiri ndi iti, madzulo kapena mbandakucha.

Ndipo musaope kutchula malemu. Ambiri timazemba poganiza kuti tikumbutsa munthu chisoni, ngati kuti adaiwala. Sanaiwale, chimene chikumupweteka n'chakuti ena onse akuoneka kuti aiwala. Mukhoza kunena kuti, “Dzulo ndinakumbuka alamu, m'mene ankatikalipira tikachedwa kubawo nsima itazizira.” Mukatero khalani chete. Chete ameneyu ndi wolemera, ndipo lilime limayabwa kuti mudzazepo mawu, koma musatero. Mwina aseka pang'ono. Mwina ayang'ana kumbali nkupukuta m'maso. Akalira, musamuuze kuti asiye, musamuyang'anitsitse, pitirizani kugwira tayala lija mpaka apume.

Pali mawu ena amene amatseka nkhani ngakhale amamveka achifundo. “Chinali chifuniro cha Mulungu” angakhale mawu oona kwa wokhulupirira, koma akanenedwa msanga amatanthauza kuti nkhani yatha. “Mupeza wina, mukadali mnyamata” amapweteka koposa. Ngakhale kufotokoza za maliro anu kuli ndi muyeso: chiganizo chimodzi, chakuti nanunso bambo anu atamwalira munkadzuka pakati pa usiku, chimamuonetsa kuti si iye yekha, koma mukapitiriza ndiye kuti iye wasanduka womvera. Akanena mawu olemera, monga akuti, “Ndikanamutengera kuchipatala msanga,” musathamangire kutsutsa. Mufunseni kuti tsikulo zinayenda bwanji, afotokoze yekha kuyambira pachiyambi. Kawirikawiri nkhani imeneyo sanauzepo munthu aliyense.

Zimene wakuuzani zithere pomwepo. Mukakazitula kunyumba kwanu, mawa nkumveka pachigayo kuti uje ankalira, munthuyo sadzatsegulanso pakamwa kwa inu kapena kwa wina aliyense. Ndipo akakana kulankhula, muvomereni. Alipo amuna amene amalira pomanga chiliza kapena posamalira munda umene mkazi adasiya, ndipo kumeneko n'kulira ndithu. Cholinga si kufinya misozi. Cholinga n'chakuti tsiku limene adzafune kunena, adziwe khomo logogoda.

Koma kudekha kuli ndi malire ake, ndipo apa ndikufuna kulankhula mosapsatira. Akuluakulu omwewo adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Malipoti a apolisi m'Malawi muno amaonetsa chaka ndi chaka kuti ambiri mwa anthu odzipha ndi amuna. Mnzanu akayamba kunena kuti, “Bola ndimutsatire,” kapena kugawa katundu wake, kulangiza za ana ngati wapaulendo, kusunga mankhwala a mbewu kuchipinda, nthawi yoyembekezera nkhono yatha. Mufunseni molunjika kuti, “Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?” Kufunsa sikubzala ganizolo mwa munthu, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani mankhwala ndi zingwe pafupi, ndipo muuzeni poyera kuti chinsinsi ichi chokha simusunga, muitana mbale amene iye amamukhulupirira kuti mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngakhale popanda mawu otere, chisoni china chimafuna odziwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limazindikira chisoni chokhalitsa ngati vuto lofunika chithandizo, pamene papita miyezi yoposa 6 koma munthu akulepherabe kugwira ntchito, kusamala ana kapena kukhala ndi anzake chifukwa cholakalaka malemu. Poyambira ndi pachipatala cha boma, pamene mungafunse namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amapereka uphungu, ndipo chipatala cha Zomba Mental chimalandira ofunika chithandizo chachikulu. Musangomuuza kuti apite, chifukwa mwamuna amene walephera kuuza mnzake sangakaime yekha pamzere nkufotokozera mlendo. Muuzeni kuti Lachiwiri m'mawa mudzamutenga, ndipo mukafika mudzakhala naye pabenchi mpaka aitanidwe.