Ngongole zitatu, thumba limodzi: iyambe kubwezedwa iti?

Amalonda ang'onoang'ono ambiri sakhala ndi ngongole imodzi. Amakhala ndi ya ku banki mkhonde, ina ya ku bungwe lobwereketsa ndalama, ndi kangongole ka katundu kwa wowapikulitsa. Mwezi ukatha, ndalama yobwezera imapita kwa yemwe wabwera ndi ukali kuposa anzake. Kubweza kotere n'kokwera mtengo, ngakhale wobwezayo sazindikira msanga.

Pali njira ziwiri zosankhira ngongole yoyamba kuithetsa. Yoyamba, yomwe a ku America amaitcha sinobo, imati munthu ayambe ndi ngongole yaing'ono kwambiri, akaimaliza apite pa yotsatira. Anaitchukitsa ndi Dave Ramsey, mlangizi wa zandalama wa pa wailesi m'dzikolo. Yachiwiri, avalanchi, imati ayambe ndi ngongole ya chiwongoladzanja chokwera kwambiri, kaya ndi yaikulu bwanji. M'njira zonse ziwiri ngongole zinazo sazinyanyala. Amazipatsa kochepa kofunika mwezi uliwonse, yotsala yonse n'kuponya pa imodzi.

Nazi ziwerengero zongoyerekeza. Mayi wina wogulitsa usipa mumsika wa Ndirande ali ndi ngongole ya K50,000 kwa bambo amene amamupikulitsa usipawo, yopanda chiwongoladzanja. Ali ndi ina ya K100,000 ku bungwe lobwereketsa ndalama, ya 5 peresenti pamwezi. Yachitatu ndi K150,000 ya ku banki mkhonde, ya 10 peresenti pamwezi. Zonse pamodzi ndi K300,000, ndipo chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama yomwe yatsala. Mayiyu angathe kupatula K70,000 mwezi uliwonse osagwetsa mpamba wake. Mwezi woyamba K20,000 ipita ku chiwongoladzanja chokhachokha, K15,000 ku banki mkhonde ndi K5,000 ku bungwe. Mkangano wonse uli pa K50,000 yotsalayo.

Akatsata njira yoyamba ndi yaing'ono, mwezi woyambawo amaliza ngongole ya wopikulitsa. Mtima ukhala m'malo, omulondalonda atsala awiri. Koma mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chidzakhalabe K20,000, chifukwa ngongole yomwe wachotsa sinali kubala kanthu. Ya ku bungwe aimaliza mwezi wachitatu, ndipo nthawi yonseyi ya ku banki mkhonde ikumudyera K15,000 mwezi ndi mwezi. Pofika mwezi wachinayi iyo ikadali K147,500. Adzaimaliza mwezi wachisanu ndi chimodzi, atapereka chiwongoladzanja cha pafupifupi K84,600.

Akayamba ndi ya chiwongoladzanja chokwera, K50,000 ija ipita ku banki mkhonde ndipo ngongoleyo itsika kufika pa K100,000. Palibe ngongole yomwe yatha, onse atatu akumudikirabe. Koma mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chonse chikhala K15,000, kotero yodulira ngongole yeniyeni ikwera kufika pa K55,000. Mwezi wachitatu chitsika kufika pa K9,500, ya banki mkhonde itha, K15,500 n'kutsalako yoyambira ya ku bungwe. Mwezi wachisanu amaliza ya ku bungwe ndi ya wopikulitsa yomwe. Chiwongoladzanja chonse chikhala pafupifupi K49,700.

Kusiyana kwake ndi pafupifupi K35,000 ndi mwezi umodzi wathunthu. Munthu ndi yemweyo, ndalama yopatula pamwezi ndi yomweyo. Chasintha n'chakuti K50,000 yoyamba ija yalowera kuti.

Okonda njira yoyamba ndi yaing'ono sakana masamuwa. Iwo amati munthu si makina owerengera: akaona ngongole imodzi yafufutidwa amalimba mtima, pomwe akakhala miyezi osaona kanthu katha amagwa ulesi. Mfundoyi si yopanda pake. Koma inabadwira kumene chiwongoladzanja cha ngongole zambiri chimatchulidwa pachaka, ndipo kusiyana kwa ngongole ina ndi inzake pamwezi kumakhala kochepa. Kumeneko kulimbitsa mtima sikudula kwenikweni. Mumsika wa ku Malawi kuno, komwe ngongole ina ilibe chiwongoladzanja pomwe inzake ikudya 10 peresenti pamwezi, chitonthozo chomwecho mayi wa usipa akuchigula pa K35,000, theka la ndalama yomwe amapatula mwezi wathunthu. Ndipo kudikira kwake sikotalika: ngongole yaikulu ija imatha mwezi wachitatu. Kwa wamalonda wotere njira yabwino ndi yoyamba ndi chiwongoladzanja chokwera. Wokhala ndi katapila asavutike n'kuwerenga komwe, katapilayo ndiye woyamba.

Komabe masamuwa ali ndi malire ake, ndipo oyamba ali pa bambo wopikulitsa uja. Papepala ngongole yake ndi yaulere, ndiye ingadikire miyezi isanu. Koma iyeyu ndiye gwero la usipa. Akatopa n'kusiya kupereka katundu pangongole, K70,000 ya pamwezi ija siipezekanso, ndipo dongosolo lonse lagwa. Apa chanzeru n'kukambirana naye kuti azilandira K10,000 mwezi uliwonse, yotsala izipitabe ku banki mkhonde. Zikatero chiwongoladzanja chonse chifika pafupifupi K58,000, ndipo kangongole kotsiriza ka pafupifupi K8,000 kathera m'mwezi wachisanu ndi chimodzi. Ubale ndi wopikulitsa wasungika pa mtengo wa K8,300, ndipo mayiyu wapulumutsabe ndalama yoposa K26,000 poyerekeza ndi njira ina ija.

Malire achiwiri ndi amene amapusitsa ambiri. Si ngongole zonse zomwe chiwongoladzanja chake chimatsika munthu akabwezako. Obwereketsa ena amachiwerengeratu pa ndalama yonse tsiku lotenga ngongole, n'kugawa zonsezo m'magawo ofanana. Gulu la mayiyu likanakhala kuti linamuuza kuti pa K150,000 adzabweza K195,000 pakatha miyezi itatu, kaya afulumire kaya ayi, kuthamangira ngongoleyo sikukanamupulumutsira ngakhale tambala. Akanangoonetsetsa kuti ikwane pa tsiku lake, ndalama yapamwamba ikapezeka n'kumaiponya ku ngongole yomwe imatsikadi. Chozindikirira ndi funso limodzi kwa mlembi wa gulu kapena wa ku bungwe: ndikabweza K50,000 yapadera lero, chiwongoladzanja cha mwezi wamawa chikhala zingati? Akayankha nambala yomweyomweyo, ngongoleyo si yothamangira.

Posanja ngongolezi, maperesenti onse akhale a pamwezi. Wina amaona 48 peresenti pa pepala la bungwe n'kuchita mantha, 10 peresenti ya banki mkhonde n'kuiyesa yaing'ono. Koma 48 ya pachaka ndi 4 pamwezi, pomwe 10 ya pamwezi ndi 120 pachaka.

Ena anganene kuti chiwongoladzanja cha banki mkhonde sichitayika, chimabwerera kwa mamembala pogawana. N'zoona, koma chimabwerera kwa onse molingana ndi masheya awo. M'gulu la anthu 20 a masheya ofanana, pa K15,000 yomwe mayi wa usipa wapereka, yake ndi K750. Komanso magulu ambiri amafuna ngongole ibwezedwe m'miyezi yochepa, ndipo zonse zikhale zitalowa tsiku logawana lisanafike. Woisiya ngongole ya gulu mpaka mwezi wachisanu ndi chimodzi angakumane ndi chindapusa, kapena gulu lingadule masheya ake, zomwe sizinawerengedwe n'komwe mu K84,600 ija.