Bwanji sanatiuze za kuuma m'kamwa?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera m'nyuzipepala yanu. Amuna anga analandira chithandizo cha rediyotherapi, chowotcha khansa ya pakhosi ndi makina, kwa milungu 6. Madokotala ndikuwathokoza, chifukwa moyo unapulumuka. Koma palibe anatichenjeza kuti makinawo amawononganso tiziwalo totulutsa malovu.

M'kamwa mwawo munauma gwaa. Usiku lilime linkamatirira kumwamba, ndipo mbamu ya nsima inkawakanirira pakhosi. Ine pomva chisoni ndinkawagulira masiwiti ndi maheu a shuga kuti azinyowetsa kukhosi. Sindinkadziwa kuti ndikuwaonongera mano. Chaka chisanathe, mano anayamba kuda m'munsi, pamene amakumana ndi nkhama, kenaka awiri anathyoka akudya buledi.

Dokotala wa mano ndiye anatimasulira. Malovu amatsuka zotsalira za chakudya, amafooketsa asidi amene tizilombo timapanga tikadya shuga, ndiponso amalimbitsa mano. Akasowa, mano amaola msanga. Choopsa china n'chakuti fupa la nsagwada lowotchedwa ndi makina silichira bwino, motero kuzula dzino kungasiye bala losapola. N'chifukwa chake wodwala amayenera kuonedwa mano, oola n'kuzulidwa, chithandizo chisanayambe. Ife tinamva izi madzi atafika kale m'khosi.

Vutoli si la odwala khansa okha. Piritoni, amitiriputilini ndi mapiritsi okodzetsa a kuthamanga kwa magazi nawonso amaumitsa m'kamwa. Musasiye mankhwala panokha. Uzani dokotala, mwina angasinthe mtundu kapena mlingo.

Nazi zimene zatithandiza kwathu. Botolo la madzi silichoka pambali pa amuna anga, ndipo amamwa pang'onopang'ono usana ndi usiku. Masiwiti tinasiya, amatafuna chingamu chopanda shuga. Amatsuka mano kawiri pa tsiku ndi mswachi wofewa ndi mankhwala okhala ndi fuloraidi, ndipo akatsuka amangolavula thovu osachukucha ndi madzi, kuti mankhwalawo akhalitse pa mano. Akadya amachukucha ndi madzi ofunda a m'kapu imodzi, osungunuliramo theka la supuni yaing'ono ya soda, yemweyu timaphikira therere. Therere lenilenilo limathandiza kuti nsima itsetsereke. Fodya, mowa ndi mankhwala ochukuchira okhala ndi mowa ndi zoletsedwa, chifukwa zimaumitsiratu. Lilime likachita zoyera ngati mkaka wosasa, timathamangira kuchipatala, pakuti ndi matenda ofuna mankhwala akeake.

Pempho langa kwa akuluakulu a zaumoyo ndi ili: aliyense wokawotchedwa khansa ya m'mutu kapena pakhosi atumizidwe kaye kwa dokotala wa mano, ndipo apatsidwe kapepala ka malangizo m'Chinyanja ndi m'zilankhulo zina. Opereka mankhwala pazenera nawonso azitchula za kuuma m'kamwa. Akanatiuza pa tsiku loyamba, masiwiti aja sindikanawagula.

Mayi wokhudzidwa,
Kabwata, Lusaka.