Ukwati wa chinkhoswe ndi weniweni, koma umboni wake umakalamba

Abale anga a kuno kumudzi ndi inu muli m'tauni, lero sindilemba za feteleza ayi. Ambiri munkandifunsa chifukwa chake munda wa mlongo wanga unagonera chaka chatha, pomwe iye ndi munthu wakhama pa khasu. Nkhani yake yatha tsopano, ndipo wandilola kuti ndiifotokoze popanda kutchula maina.

Mlongo wangayu anakwatiwa mu 2009. Zonse zinayenda mwa dongosolo lathu. Akuchimuna anabwera kudzafunsira mbeta kwa malume athu, tsiku la chinkhoswe anapatsana tambala ndi msoti, ife tinapereka lichero ndi mthiko, iwo khasu ndi nkhwangwa. Mudzi wonse unadya nsima. Alamu anga ankagwira ntchito yoyendetsa galimoto m'tauni, ankabwera kumapeto kwa mwezi, ndipo ana atatu anabadwa. Atamwalira, kuntchito kwawo kunali kandalama, komanso panali nyumba ya malata ndi ngolo. Mlongo wanga atapita ku ofesi yoona za chuma cha masiye, funso loyamba linali lakuti, "Mayi, chikusonyeza kuti munali mkazi wawo n'chiyani?" Iye anaseka, kuyesa nthabwala. Zaka zonsezi, ana atatu, wina n'kumafunsa zimenezo?

Ndiyambe ndi kuwongola bodza limene limayenda kwambiri pamaliro ndi pa mowa, lakuti ukwati wa chinkhoswe boma siliudziwa. Limaudziwa ndithu. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 22, amatchula ukwati wa mwambo pamodzi ndi maukwati ena. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira mitundu inayi: wa kwa DC, wa mwambo, wa chipembedzo, ndi wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali mpaka kudziwika ngati banja. Limanenanso kuti yonseyi ndi yofanana mphamvu. Choncho mayi wa chinkhoswe si mkazi wachiwiri pamaso pa lamulo poyerekeza ndi mayi wa setifiketi. Akamwalira mwamuna, onse awiri ndi akazi amasiye, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 limawaika iwo ndi ana patsogolo.

Kusiyana kumabwera tsiku limene wina wakana. Ukwati wa kwa DC umabadwira pa pepala. Mumakapereka chidziwitso, chimakhomedwa pa ofesi masiku 21 kuti wodziwa chifukwa choletsa anene, kenako mumasainira pamaso pa mboni ziwiri, n'kulembedwa m'buku la boma. Setifiketi ikapsa ndi nyumba kapena chiswe chikaidya, bukulo lilipobe, mumakatenga ina. Mayi wina woyandikana nafe, amene amuna awo anali mphunzitsi, anangotulutsa pepalalo m'sutikesi, funso lija linathera pomwepo. Akuchimuna akanatha kukangana naye pa zina, koma osati pa zoti panali ukwati kapena ayi.

Ukwati wathu wa mwambo umabadwira m'maso mwa anthu. Buku lake ndi ankhoswe. Kuno kwathu, popanda ankhoswe a mbali zonse ziwiri palibe ukwati, ngakhale mutabereka ana khumi. Kwa anzathu a ku Mzimba kapena ku Nsanje amayang'ananso za malowolo. Ndiye khoti kapena ofesi ikafuna kudziwa ngati ukwati unalipo, imafunsa kuti ankhoswe ndi ndani, abwere adzanene. Nzeru imeneyi inali yabwino nthawi imene aliyense ankabadwira, kukwatira ndi kuikidwa m'midzi iwiri yoyandikana. Nanga lero?

Taonani mmene zinakhalira kwa ife. Nkhoswe yaikulu ya mbali yathu anali malume, ndipo anatisiya mu 2018. Sitinakhale pansi kusankha wina wolowa m'malo mwawo, poti banjalo linalibe milandu. Nkhoswe yaing'ono ndi msuweni wathu amene anapita ku Joni, nambala yake imasintha ngati nyengo. Kuchimuna nkhoswe yaikulu anali mkulu wawo wa malemuwo, bambo amene ananyamula tambala ndi manja awo tsiku lija, ine ndikuona. Bambo omwewo ndi amene anakanena ku ofesi kuti, "Amene uja chinali chibwenzi chabe, ife sitinamulandire." Apa ndi pamene ndinaona chilema cha umboni wathu. Munthu amene mwambo unamuika kukhala mboni ya ukwati ndi yemweyo amene angapindule ukwatiwo ukakanidwa. Sindikunena kuti ankhoswe onse ndi otero, ambiri ndi anthu oopa Mulungu. Koma ngolo ndi malata zimayesa mtima wa munthu.

Tinayamba kutolera umboni ngati khunkha. Anyakwawa analemba kalata yoti iwo analipo pa chinkhoswe ndipo banjalo akulidziwa. Tinapeza zithunzi ziwiri zofwifwa, chimodzi chikuonetsa bambo okana aja ataima pambali pa mkwatibwi, lichero lili poteropo. Mabuku a kusikelo a ana onse atatu anali ndi dzina la bambo. Kuntchito kwa alamu kunapezeka fomu imene iwo analembapo dzina la mlongo wanga kuti ndi mkazi wawo. Chilichonse mwa izi pachokha n'chopepuka. Buku la kusikelo limangosonyeza bambo wa mwana, silinena za ukwati. Chithunzi munthu atha kunena kuti unali mwambo wina. Chimene chinamanga zonse pamodzi ndi azakhali a malemuwo, gogo woyenda ndi ndodo, amene anavomera kukwera njinga ya kabaza n'kukanena kuti, "Mkamwini uja ndi wathu, mtsikanayu tinamulandira, msoti wake ndinaphika ndine." Atatero, mkulu uja anangoti zii.

Zonsezi zinatenga miyezi isanu ndi iwiri, maulendo anayi a ku boma, ndi mbuzi ziwiri zimene tinagulitsa kuti tipeze thiransipoti ndi chakudya cha mboni. Maulendo awiri anagwera nthawi yopalira, n'chifukwa chake munda uja munauona uli thengo. Gogo aja amwalira mwezi wa Juni. Akanatsogola chaka chimodzi chokha, kaya bwenzi tikunena zotani.

Wina anatiuza kuti tisavutike, poti lamulo limazindikiranso anthu ongokhalira limodzi. N'zoona, koma khomo limenelo ndi lopapatiza. Ukwati wotere suzindikirika wokha ayi, mpaka khoti linene, ndipo limafuna kuti mukhale mutakhala limodzi zaka zosachepera 5, n'kuonanso zina monga ngati munkagona nyumba imodzi, mmene munkathandizirana pa ndalama, katundu, kulera ana, ndi mmene anthu ankakuonerani. Tsono kwa munthu ngati mlongo wanga, amene mwamuna wake ankagona m'tauni masabata atatu pa mwezi, mdani akanapeza pogwira. Komanso zimawawa, mkazi wa chinkhoswe chodyetsa mudzi wonse kukapempha khoti kuti limuwerenge ngati wongolowana.

Pa maliro panabweranso mayi wina wa m'tauni ndi kamwana. Za mwanayo sitinakangane, chifukwa lamulo la chuma cha masiye silisankha mwana wa m'banja ndi wa kunja, onse ali ndi gawo kwa bambo wawo. Koma usiku umenewo ndinaganiza: bwanji mayiyo akanatulutsa setifiketi ya kwa DC? Lamulo silimulola mwamuna amene ali kale ndi mkazi wa chinkhoswe kukamanga ukwati wa kwa DC ndi mkazi wina, pakuti wa kwa DC ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi. Setifiketi yotero itha kugwetsedwa. Koma kuti igwe, mkazi woyambayo ayenera kutsimikiza kaye kuti ukwati wake unalipo ndipo unayamba kale. Wa pepala akhala phee pa benchi, wa chinkhoswe ndiye akuthamanga kusaka agogo. Inu alongo athu amene amuna anu ali ku Kanengo, ku Limbe kapena ku Joni, mfundo iyi ndi yanu.

Ena mwa inu a m'tauni munena kuti, basi aliyense apite kwa DC. Ine sindikuvomereza msanga chotero. Ukwati wa kwa DC si chidindo chongoika pamwamba pa chinkhoswe, uli ndi malamulo akeake. Umatseka khomo la mitala, ndipo amene angakwatire wina uku woyambawo ulipo wapalamula mlandu. Kwa ena zimenezo n'zabwino, mwinanso n'zimene akufuna, koma munthu alowe akudziwa. Ukafuna kutha, wa mwambo umathera ku khoti la majisitireti pafupi pompa, ankhoswe ali pomwepo, pomwe wa kwa DC umapita ku khoti lalikulu. Kwa mlimi wa maekala awiri ulendo umenewo si wamasewera. Ndiponso setifiketi siidzabwera usiku kudzakhazika pansi anthu amene ayambana. Ankhoswe amabwera.

Chimene ine ndikuona n'chakuti chinkhoswe tisachisiye, koma tichilembe. Lamulo la 2015 lija linaika ma T/A ndi atsogoleri a mipingo m'gulu la olemba maukwati pamodzi ndi ma DC, kutanthauza kuti ukwati wa mwambo utha kulowa m'buku n'kukhalabe wa mwambo. Amene mukukonza chinkhoswe chaka chino, kafunseni ku likulu la mfumu yaikulu tsiku lisanafike, musadikire kuti lidutse. Amene munadalitsa ku tchalitchi kapena ku mzikiti, kaoneni ngati dzina lanu lili m'buku lawo ndipo pepala lanu mulisunge pouma, osati m'thumba la mbewu.

Kwa ife amene maukwati athu ndi akale, ndachita izi kwathu, ndipo aliyense atha kuchita. Mwezi wathawu ndinaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ine ndi mayi a kunyumba tili pomwepo. Pa pepala la m'kope tinalemba maina athu monga alili pa ziphaso za unzika, chaka ndi mudzi umene chinkhoswe chinachitikira, maina a ankhoswe anayi ndi midzi yawo, ndi zimene zinaperekedwa. Osatha kulemba anadinda chala. Anyakwawa anasaina n'kuikapo chidindo. Pepalali si setifiketi, musanamizidwe, koma nkhoswe amene anadinda chala ali wosangalala adzavutika kukana mawa. Tinapanga mafotokope atatu, ina ili kwa akuchikazi, ina kwa mwana wathu wamkulu ku Lilongwe. Tinapezanso kuti mmodzi mwa ankhoswe athu anamwalira kalekale ndipo palibe analowa m'malo, ndiye tinasankhiratu wina tsiku lomwelo, wachinyamata.

Mayi a kunyumba poyamba anakwiya, amvekere, "Bambo a ana, mukukonzekera kufa kapena kundisiya?" Ndinawakumbutsa za mbuzi ziwiri zija. Anakalowa m'nyumba n'kutulutsa cholembera okha, kenako anapha nkhuku ya alendo.