Mwakwezedwa, koma sivii yanu ikadali ya m'kalasi

Mnzathu akakwezedwa kukhala mkulu wa dipatimenti kapena wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, timamuyamikira n'kuiwala kumuuza chinthu chimodzi: akakonzenso sivii, chikalata chija chofotokoza mbiri ya maphunziro ndi ntchito. Ambiri amangowonjezera udindo watsopano m'munsi, n'kusiya kandime kachidule ka pamwamba momwe kanalili. Chonsecho kandime kameneka ndi komwe olemba ntchito amayamba kuwerenga.

Tiyerekeze kuti mayi wina waphunzitsa bayoloje zaka 8 pasekondale yoyendera, ndipo tsopano watha zaka ziwiri akutsogolera dipatimenti ya sayansi. Kandime kake kakale kakuti: "Mphunzitsi wa bayoloje wolimbikira ntchito, yemwe ana ake 32 mwa 40 adakhoza phunziroli pa mayeso a MSCE." Mawuwa ndi oona, koma akuyankha funso lakale, loti kodi mumatha kuphunzitsa? Amene akufuna mtsogoleri akufunsa lina: kodi anthu amene ali pansi panu amagwira bwino ntchito chifukwa cha inu?

Ine ndimalangiza anzanga kuti kandime katsopano kanene zinthu zitatu motsatana. Choyamba, kukula kwa zomwe mukuyang'anira: aphunzitsi angati, maphunziro ati, ana angati. Mawu oti "ndimatsogolera dipatimenti" paokha ndi opepuka, chifukwa dipatimenti ya anthu awiri ndi ya anthu 12 si mtolo wofanana. Chachiwiri, chomwe chidasintha pa gulu lonse, pomwe mudachipeza ndi pomwe chafika. Chachitatu, chomwe inuyo mudachita ngati mtsogoleri kuti kusinthako kuchitike.

Mayi wathu uja angalembe motere: "Mkulu wa dipatimenti ya sayansi, wotsogolera aphunzitsi 5 a masamu, bayoloje, fizikisi ndi kemisitile kwa ana 320. M'zaka ziwiri, okhoza masamu pa MSCE adakwera kuchoka pa 24 mwa 60 kufika pa 36 mwa 60, nditakhazikitsa mayeso a mwezi ndi mwezi a fomu 4 komanso kuonerera phunziro la mphunzitsi aliyense kawiri pa teremu. Ndaphunzitsa bayoloje zaka 8."

Taonani kuti wasankha masamu, phunziro lomwe iye saphunzitsa. Wachita dala. Ana akakhoza bayoloje, wowerenga anganene kuti mayiyu ndi katswiri pa choko basi. Koma akakhoza phunziro la mphunzitsi wina, umenewo ndi umboni wa utsogoleri. Luso lake la m'kalasi silinatayidwe, langopita kumapeto.

Tsono pali misampha iwiri. Woyamba uli pa aneni. Mukalemba kuti "ndidakweza zotsatira za masamu" mwaba thukuta la mnzanu amene adaima pa bolodi chaka chonse, ndipo pa intavyu akadzakufunsani momwe mudaphunzitsira mudzasowa chonena. Mukalembanso kuti "tidachita izi, tidachita izo" paliponse, inuyo mwasowa m'chigulu. Njira yabwino ndi kugawa: zotsatira zikhale za gulu, zochita zikhale zanu. "Okhoza adakwera" ndi za onse. "Nditakhazikitsa mayeso" ndi zanu.

Msampha wachiwiri uli pa maperesenti. Ana 24 mwa 60 ndi 40 peresenti, ndipo 36 mwa 60 ndi 60 peresenti. Koma ana 24 mwa 40 nawonso ndi 60 peresenti. Ngati chaka chachiwiricho adalemba mayeso ndi ana 40 okha chifukwa ena adasiyira panjira posowa fizi, peresenti yakwera koma palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene wawonjezekera pa okhoza. Kusukulu za kumudzi kuno, komwe olemba mayeso amakhala ochepa, ana atatu okha amatha kugwedeza peresenti kwambiri. N'chifukwa chake ndimati lembani manambala onse awiri, okhoza ndi olemba, monga aliri pa zotsatira zochokera ku Maneb zomwe zili mu ofesi ya ahedi.

Nanga ngati mwangokhala pa udindo miyezi 6, zotsatira za mayeso zisanatuluke? Musabwereke za amene mudamulowa m'malo. Lembani zomwe zikuwerengeka kale: kuti aphunzitsi onse 5 tsopano amapereka masikimu sabata yoyamba ya teremu pomwe kale ankapereka awiri okha, kapena kuti mphunzitsi watsopano amene mudamuthandiza akuyendetsa yekha kalasi ya fomu 3.

Poti masivii ambiri timalemba m'Chingerezi, yambani mwayankha mafunso atatu aja m'Chichewa papepala, kenako mumasulire. Mukamaliza, muwerengereni mmodzi wa aphunzitsi a m'dipatimenti yanu. Akakwinya nkhope, ndiye kuti penapake mwadzitengera zake. Akavomera kuti zidayendadi choncho, kandimeko kadzapiriranso mafunso a pa intavyu.